Zimene msungichuma amayendera komiti isanavomereze ndalama za miyezi itatu

Lipoti la ndalama la miyezi itatu limanena zinthu zitatu: ndalama zimene bungwe linali nazo poyamba, zimene zalowa ndi kutuluka, ndi zimene zatsala. Komiti ikakweza manja kulivomereza, mlandu wa manambalawo umachoka pa msungichuma yekha n'kukhala wa komiti yonse. N'chifukwa chake lipotilo lisanafike patebulo, msungichuma amayenera kutsimikiza kuti nambala iliyonse ili ndi mboni yochokera kunja kwa buku lake. Buku la ndalama amalemba yekha, ndiye silingadzichitire umboni. Mboni zake ndi sitetimenti ya ku banki, mbiri ya ndalama za pafoni, marisiti a anthu amene analipidwa, maminitsi a komiti, ndi ndalama zenizeni zowerengedwa pamaso pa munthu wina.

Kuti ndondomekoyi ioneke bwino, nkhani ino itsata chitsanzo chongoyerekeza cha bungwe lothandizana pa maliro, longa amene amapezeka m'masukulu, m'misika, m'mipingo ndi pakati pa anthu ochokera mudzi umodzi amene akukhala m'tauni. Bungweli lili ndi mamembala 60, aliyense amasonkha K5,000 pamwezi, ndipo membala akaferedwa limapereka chipepeso cha K200,000. Ndalama zake zili m'malo atatu: ku banki, pafoni ndi m'kabokosi ka msungichuma. Miyezi yoyenera kuyendera ndi Epulo, Meyi ndi Juni.

Mapepala oyambira

Ntchito imayamba ndi kusonkhanitsa mapepala, ndipo loyamba ndi sitetimenti ya ku banki yoyambira pa 1 Epulo mpaka pa 30 Juni. Msungichuma amaona dzina la akaunti, nambala yake ndi masiku, kenako amawerenga masamba. Ndalama yotsala pansi pa tsamba loyamba iyenera kukhala yomwe yayambira tsamba lachiwiri, mpaka kumapeto. Pakasowa tsamba, apa ndi pamene zimaonekera. Ndi bwinonso kupempha kuti sitetimentiyo ipitirire ndi sabata imodzi kapena ziwiri za Julayi, chifukwa zina zimene zinachitika kumapeto kwa Juni zimakaonekera kumeneko.

Njira imene sitetimenti yafikira ili ndi kanthu. Pepala limene munthu walitumiziridwa pafoni kapena pakompyuta lingasinthidwe ndi aliyense wodziwa makinawo, ndipo likasindikizidwa silisonyeza chilema. Mabungwe osamala amagwirizana kuti wosainira wachiwiri wa akaunti, kawirikawiri wapampando kapena mlembi, azilandira yake sitetimenti kuchokera ku banki, kapena azikatenga yodindidwa chidindo pa nthambi. Msungichuma wokhulupirika sataya kanthu ndi dongosolo limeneli, limamuchotsera kunong'onedwa.

Pa sitetimenti pamakhala mizati itatu imene imasokoneza ambiri: Debit, Credit ndi Balance. Banki imalemba poona mbali yake, choncho ndalama zolowa mu akaunti ya bungwe zimakhala pansi pa Credit, zotuluka pansi pa Debit, ndipo Balance ndi zotsala pambuyo pa mzere uliwonse.

Mapepala onse ali pamodzi, nambala yoyamba kuiyang'ana ndi yotsegulira. Maminitsi a msonkhano wapitawo amanena ndalama zimene komiti inavomereza kuti zinalipo pa 31 Malichi. M'chitsanzo chino zinali K1,470,000: ku banki K1,250,000, pafoni K180,000 ndipo m'kabokosi K40,000. Lipoti latsopano liyenera kuyambira pa nambala imeneyo, osasiyana ngakhale kwacha imodzi. Ngati panapezeka cholakwa cha miyezi yapitayo, sichikonzedwa posintha nambala yotsegulira mwakachetechete. Chimalembedwa ngati mzere wapadera m'miyezi ino, ndi chifukwa chake pambali.

Kuyanjanitsa buku ndi sitetimenti

Apa ndi pamene pali ntchito yaikulu. Buku la msungichuma likuti pa 30 Juni ku banki kunali K1,760,000. Sitetimenti ikuti K1,768,300. Kusiyana kwake ndi K8,300 yokha, ndipo banki ndiyo ili ndi zambiri. Munthu wotopa angati palibe vuto, popeza ndalama sizinasowe, zachita kuchuluka. Maganizo amenewa ndi amene amabisa zolakwa zambiri m'mabungwe ang'onoang'ono, chifukwa kusiyana kochepa kumatha kukhala zotsalira za zinthu zazikulu zimene zafafanizana.

Njira yake ndi ya pensulo. Msungichuma amaika buku kumanzere, sitetimenti kumanja, n'kutenga mzere umodzi umodzi. Ndalama ikapezeka mbali zonse ziwiri, yofanana ndendende ndiponso ya tsiku loyandikana, amaichonga uku ndi uko. Akafika kumapeto, mizere yosachongedwa ndiyo ikufotokoza kusiyanako, ndipo imagwa m'magulu awiri.

Gulu loyamba ndi zimene banki ikudziwa koma buku silinalembe. M'chitsanzo chathu zilipo zitatu. Banki yadula K13,500 ya ntchito zake, monga kusunga akaunti ndi kutumiza ndalama. Yaikamo chiwongoladzanja cha K4,800. Ndipo pa 12 Meyi munthu wina anaikamo K15,000 osalemba dzina la membala pa silipi. Zitatu zonsezi n'zoona, zinachitika, choncho buku ndilo liyenera kukonzedwa. Kuchotsa K13,500 ndi kuwonjezera K4,800 ndi K15,000 kukufikitsa buku pa K1,766,300.

Gulu lachiwiri ndi zimene buku linalemba koma banki inali isanazione pa 30 Juni. Msungichuma anaika K70,000 kudzera kwa ejenti wa banki madzulo a tsiku lomaliza, ndipo yaonekera pa 1 Julayi. Bungwe linalipiranso K45,000 ya holo yochitiramo msonkhano pa 28 Juni ndi cheke, koma mwini holo anali asanakaiike ku banki kwake. Izi sizikonzedwa m'buku, chifukwa buku silinalakwe. Nthawi yokha ndiyo yasiyana. Zimalembedwa pa pepala loyanjanitsira, pansi pa nambala ya sitetimenti. K1,768,300 kuwonjezera K70,000 n'kuchotsa K45,000 ikutsala K1,793,300.

Tsopano mbali ziwirizi zikusiyana ndi K27,000, yoposa katatu kusiyana kumene kunaoneka poyamba. Olemba mabuku a ndalama ali ndi kachizindikiro kakale: kusiyana kukagawika ndi 9 popanda chotsala, mwina manambala awiri oyandikana atembenuzidwa polemba. K27,000 kugawa ndi 9 ndi 3,000 ndendende. Pobwereza mizere, zikupezeka kuti ndalama ya galimoto yonyamula anthu ku maliro inalembedwa m'buku K85,000 pamene sitetimenti ikuti K58,000. Diso lothamanga linachonga mzerewo chifukwa manambala ake ndi omwewo, 5 ndi 8. Risiti ya mwini galimoto nayo ikuti K58,000. Buku likakonzedwa likufika pa K1,793,300, ndipo mbali ziwirizo zagwirizana.

Pansi pa K8,300 ija panali zinthu zisanu ndi chimodzi zimene, kuziphatikiza, zikukwana K175,300. N'chifukwa chake palibe kusiyana kumene kungalekereredwe poti n'kochepa, ndipo mzere wakuti "zina ndi zina" woikidwa kuti manambala agwirizane ndi chinthu chimene komiti siyenera kulandira.

Mizere ya gulu lachiwiri ili ndi malire ake a nthawi. Ndalama imene buku likuti inaikidwa ku banki iyenera kuonekera pa sitetimenti m'masiku ochepa otsatira. Ikakhala kuti pa 30 Juni "inali m'njira" ndipo pa 15 Julayi sinafikebe, ndiye kuti sinaikidwe, kapena inalowa mu akaunti ya munthu wina chifukwa cha nambala yolakwika. Silipi yake iyenera kutulutsidwa ndi kuwerengedwa manambala. Mizere imene inali yodikira pa 31 Malichi nayonso imafufuzidwa kuti ioneke ngati inadutsa mu Epulo. Mzere umene ukungosamuka kuchokera pa lipoti lina kupita pa lina ndi wokayikitsa kuposa yonse.

K15,000 yopanda dzina ija siyenera kuponyedwa m'zosonkha za membala amene msungichuma akumuganizira. Imalembedwa payokha ngati ndalama yodikira mwini, n'kulengezedwa kwa mamembala kuti amene ali ndi silipi ya pa 12 Meyi aibweretse. Kukhala chete kumabala mkangano tsiku la maliro, pamene kaundula akuti munthu ali ndi ngongole ya miyezi itatu, iye ali ndi silipi m'thumba.

Ndalama za pafoni ndi za m'kabokosi

Mabungwe ambiri m'Malawi tsopano amatolera zosonkha pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndipo ndalama zimenezi zimafuna kuyanjanitsidwa mofanana ndi za ku banki. Mauthenga a pafoni okha si mboni yokwanira. Amafufutika, foni imatayika, ndipo akuba amatumiza mauthenga onamizira kuti ndalama yalowa pamene sinalowe. Chofunika ndi mbiri yonse ya nambalayo yopemphedwa ku kampani ya foni, kuphatikizapo kufunsa ndalama zotsala pafoni pomwepo, wina wa m'komiti akuona.

Buku likuti pafoni pali K215,000, foni ikuti K208,600. K6,400 yosowayo ndi ndalama zodulidwa potumiza ndi potapa kwa ejenti. Aliyense amadziwa kuti zimadulidwa, koma ochepa amazilemba, chifukwa zimabwera pang'onopang'ono. Zikaphatikizidwa kuchokera pa mbiri ya nambalayo n'kukwana K6,400, nkhani yatha ndipo buku likonzedwa. Zikapanda kukwana, chotsalacho chifufuzidwe.

Vuto lalikulu la pafoni ndi la umwini. Kuyambira 2018 nambala za foni m'Malawi zimalembetsedwa ndi chiphaso, ndipo nambala imene mamembala amaitcha ya bungwe nthawi zambiri imakhala m'dzina la msungichuma. Ikakhalanso yomwe iye amagulira mayunitsi a magetsi ndi kulandirira ndalama za kunyumba, palibe angalekanitse za bungwe ndi zake, ngakhale iye mwini. Komanso lamulo la osainira awiri limene bungwe limatsata ku banki silikhalapo pafoni, popeza wodziwa nambala yachinsinsi ndi mmodzi. Njira yochepetsera ngozi ndi kukhala ndi nambala yosagwira ntchito ina iliyonse, ndi kuika malire m'maminitsi, mwachitsanzo kuti zikapitirira K200,000 zizisamutsidwira ku banki sabata yomweyo. Poyendera, msungichuma amaona ngati malirewo anatsatidwa.

Kusamutsa ndalama kuchokera pafoni kupita ku banki, kapena kuchokera m'kabokosi monga K70,000 ija, si ndalama yolowa ndipo si yotuluka. Kuyenera kuoneka kawiri, ngati yochoka uku ndi yofika uko, yofanana kupatula zodulidwa. Cholakwa chofala ndi kuilemba ngati yolowa pamene membala anatumiza pafoni, n'kuilembanso ngati yolowa itafika ku banki. Lipoti limaoneka lonenepa, koma ndalama zotsala zimakana kugwirizana.

Za m'kabokosi zimawerengedwa ndi manja, anthu awiri ali pomwepo, ndipo zimalembedwa mwa mtundu wake: ma K5,000 anayi, ma K2,000 atatu, ma K1,000 anayi, zonse K30,000. Buku likuti K50,000. M'kabokosimo muli kapepala kosonyeza kuti mmodzi wa a m'komiti anatenga K20,000 kuti adzabweza mwezi ukatha. Kapepala si ndalama. Lipoti liyenera kunena kuti m'kabokosi muli K30,000 ndipo K20,000 ndi ngongole ya munthu, ndipo komiti iyenera kumva ngati ngongoleyo inalolezedwa ndi malamulo a bungwe. Magulu a banki m'khonde anathana ndi vutoli kalekale ndi bokosi la maloko atatu, makiyi ake ali ndi anthu atatu osiyana, lotsegulidwa pamaso pa gulu lokha. Makalabu a anthu ophunzira a m'tauni nthawi zina amatsalira pa mfundo imeneyi.

Zolowa: zimene zinayenera kubwera ndi zimene zabwera

Kugwirizana kwa buku ndi sitetimenti kumangosonyeza kuti ndalama zimene zinalembedwa zilipo. Sikunena kanthu za ndalama imene inalandiridwa m'manja koma sinalembedwe paliponse. Imeneyo imagwidwa ndi mboni zina ziwiri: buku la marisiti ndi kaundula wa mamembala.

Marisiti amayenderedwa motsata manambala ake. Ngati lipoti lapitalo linathera pa risiti 214, lino liyambire pa 215, ndipo pasakhale nambala yodumphidwa. Risiti yolakwika siing'ambidwa. Imalembedwa kuti yafafanizidwa n'kusiyidwa m'buku pamodzi ndi kope lake. Makope a kaboni amaphatikizidwa, ndipo chiwerengero chake chiyenera kufanana ndi zolowa za m'buku la ndalama. Msungichuma amayerekezanso tsiku la risiti ndi tsiku limene ndalamayo inafika ku banki. Masiku akamatalikirana mwezi ndi mwezi, n'kutheka kuti wotolera akugwiritsa ntchito ndalama za lero n'kumabweza ndi zamawa.

Kenako pamabwera kuchulukitsa kosavuta. Mamembala 60, K5,000 pamwezi, miyezi itatu: zoyembekezeka ndi K900,000. Buku likuti zosonkha zalowa K815,000, ndipo munthu angaganize kuti yatsala K85,000 yokha. Koma kaundula akusonyeza kuti mwa ndalamayo K60,000 ndi ngongole za miyezi yam'mbuyo zimene zabwezedwa tsopano, ndipo K45,000 ndi ya mamembala atatu amene alipiriratu Julayi mpaka Seputembala. Ya miyezi ino yeniyeni ndi K710,000. Ngongole yatsopano ya mamembala ndi K190,000, yoposa kawiri imene imaoneka poyamba. Nambala imeneyi iyenera kufanana ndi imene ituluke pophatikiza mipata yosalipidwa m'kaundula, dzina ndi dzina. Ikasiyana, pali membala amene anachongedwa kuti walipira popanda risiti, kapena amene ali ndi risiti koma sanachongedwe.

Ngongole za mamembala zimaonetsedwa pa lipoti, koma siziwerengedwa pamodzi ndi ndalama zimene zilipo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wapachala ndi wa mphepo. Chothandiza komiti ndi kuzigawa mwa msinkhu wake, za mwezi umodzi, za miyezi itatu, ndi zopitirira malire amene malamulo a bungwe amachotsera munthu pa chithandizo.

Zotuluka: chilolezo, umboni ndi wolandira

Ndalama iliyonse yotuluka imafunsidwa mafunso atatu: analoleza ndani, pali pepala lanji, ndipo inafika kwa yani. Chilolezo chimapezeka m'malamulo a bungwe, mu bajeti ya chaka kapena m'maminitsi. Pepala ndi vocha yosainidwa ndi anthu awiri, yomatidwa ndi risiti kapena invoisi ya wogulitsa. Wolandira amaoneka pa sitetimenti kapena pa mbiri ya pafoni, pamene pamatuluka dzina la mwini nambala.

M'miyezi itatuyi bungwe lapereka chipepeso katatu, K600,000 yonse. Pa chilichonse msungichuma amaona ngati womwalirayo ali pa mndandanda wa abale amene membala analembetsa, ngati membalayo anali wosapitirira malire a ngongole, ndi ngati pali kalata yotsimikiza imfa yochokera ku chipatala kapena kwa amfumu. Maliro sadikira msonkhano, choncho ndalama imatuluka pa chilolezo cha pafoni cha wapampando, ndipo mapepala amabwera pambuyo. Izi n'zomveka, koma pambuyopo ndi pano: lipoti lisanapite ku komiti, vocha iliyonse ikhale itasainidwa ndipo woferedwa akhale atasainira kuti analandira K200,000 yathunthu.

Pali zizindikiro zingapo zimene zimafuna kuima ndi kufunsa. Dzina la pa vocha likasiyana ndi dzina limene latuluka pa sitetimenti, pafunika kufotokoza. Invoisi imodzi ingalipidwe kawiri, koyamba pa pepala lenileni, kachiwiri pa fotokope, ndipo n'chifukwa chake pepala lolipidwa limalembedwa kuti lalipidwa, ndi tsiku lake. Ngati malamulo akuti msungichuma angatulutse yekha ndalama yosapitirira K50,000, ndiye mizere iwiri ya K48,000 kwa munthu mmodzi m'sabata imodzi ikusonyeza kuti ndalama imodzi yadulidwa pakati kuti izembe wosainira wachiwiri. Ndalama imene munthu anapatsidwa kuti akagulire zinthu sinathe ntchito mpaka atabweretsa marisiti ndi chenji. Ndipo vocha yolipira msungichuma mwini, monga kumubwezera ya minibasi, isainidwe ndi anthu ena awiri, osati iye.

Ndalama zimene zilipo koma zili ndi eni

Mabuku onse atakonzedwa, bungwe lili ndi K1,793,300 ku banki, K208,600 pafoni ndi K30,000 m'kabokosi, zonse pamodzi K2,031,900. Poyerekeza ndi K1,470,000 ya pa 31 Malichi, zikuoneka ngati bungwe lalemera ndi ndalama yoposa theka la miliyoni. Lipoti loima pamenepa silinama, koma limasocheretsa.

Mu Meyi munthu wakufuna kwabwino anapereka K500,000 kuti bungwe ligule tenti ya pamaliro, ndipo tentiyo sinagulidwe. Ndalamayo ili mu akaunti koma ili ndi ntchito yake kale. K45,000 yolipiriratu ndi ya miyezi ikubwerayo. K15,000 mwini wake sanadziwike. Komanso pa 27 Juni kunagwa maliro achinayi, ndipo chipepeso chake cha K200,000 chinali chisanatuluke mwezi ukutha. Zinayi zimenezi zikukwana K760,000. Ndalama imene komiti ingaigwiritse ntchito momasuka ndi K1,271,900, yocheperapo ndi pafupifupi K200,000 poyerekeza ndi imene bungwe linayamba nayo.

Chifukwa chake chikuoneka zolowa zanthawi zonse zikaikidwa pambali pa zotuluka. Zosonkha za miyezi ino, ngongole zobwezedwa ndi chiwongoladzanja zikukwana K774,800. Zotuluka zonse, kuphatikizapo zodulidwa ndi maliro achinayi aja, ndi K952,900. Bungwe ladya K178,100 ya m'nkhokwe yake, ndipo ngakhale mamembala onse akanalipira K900,000 yathunthu, zosonkha za miyezi ino zokha sizikanakwana. Miyezi itatu yokha siyokwanira kuweruzira bungwe la maliro, poti imfa sizibwera mofanana, koma msungichuma ayenera kuika nambalayi pambali pa ya miyezi itatu yapitayo ndi ya nthawi yomweyi chaka chatha, kuti komiti ione ngati ndi tsoka la kamodzi kapena ndi njira imene bungwe latenga.

Kuyerekeza ndi bajeti kumachitikanso pano. Mzere uliwonse wosiyana kwambiri ndi zimene zinakonzedwa umafuna chiganizo chimodzi chofotokoza chifukwa. Bajeti imakalamba msanga mitengo ikamakwera. Kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya mafuta ndi ya maulendo inakwera m'masiku ochepa, ndipo bajeti zolembedwa kumayambiriro kwa chaka chimenecho zinasiya kufanana ndi za kumsika. Pa nthawi yotere kupitirira bajeti si umboni wa kusakaza, koma kuyenera kulembedwa ndi kuvomerezedwa, osati kungodutsa.

Zimene zimapita patebulo la komiti

Lipoti lokwanira la bungwe la msinkhu uwu silipitirira masamba atatu kapena anayi. Tsamba loyamba limaonetsa zotsegulira, zolowa, zotuluka ndi zotsala m'malo atatu aja. Lachiwiri ndi pepala loyanjanitsira, lomatidwa ndi tsamba lomaliza la sitetimenti ndi pepala lowerengera za m'kabokosi. Lachitatu limaonetsa ndalama zokhala ndi eni, ngongole za mamembala, ndi nkhani zimene sizinathe, zimene m'chitsanzo chino ndi K20,000 ya pa kapepala ndi K15,000 yopanda dzina. Msungichuma amaphatikizanso mizati yonse kachiwiri ndi kakyuleta, ngakhale lipoti litalembedwa pakompyuta, chifukwa mzere wowonjezedwa pansi pa tebulo nthawi zina umatsala kunja kwa chiwerengero.

Mapepalawa asanagawidwe, munthu wina wosasainira akaunti amayenera kuwayendera. Safunika kukhala odita wa ntchito. Membala wodziwa masamu angathe. Amatenga mizere ingapo ya pa sitetimenti n'kuilondola mpaka pa vocha ndi maminitsi, kenako amatenga marisiti angapo n'kuwalondola mpaka pa sitetimenti. Mbali ziwirizi zimagwira zolakwa zosiyana: yoyamba imagwira ndalama yotuluka popanda chilolezo, yachiwiri imagwira yolandiridwa koma yosafika. Akakhutira amasaina pepala loyanjanitsira ndi kulemba tsiku. Mabungwe olembetsedwa m'boma, monga makoparetivu ndi mabungwe omwe si aboma, ali ndi udindo wina wa pachaka wopereka mabuku oyenderedwa ndi odita, ndipo malipoti anayi a miyezi itatuitatu okonzedwa chonchi ndi amene odita amayambirapo.

A m'komiti amalandira lipoti masiku angapo msonkhano usanachitike, chifukwa manambala owerengedwa mokweza pa msonkhano palibe amene angawatsate. Pa msonkhanopo komiti ili ndi njira zitatu. Ingavomereze lipoti lonse. Ingalivomereze koma n'kulemba nkhani zotsala, yemwe azitsate ndi tsiku lomaliza, monga kuti K20,000 ibwezedwe pofika pa 31 Julayi ndipo risiti yake idzaonetsedwe pa msonkhano wotsatira. Kapena ingalibweze, ngati buku ndi sitetimenti sizinagwirizane kapena ndalama yaikulu ilibe pepala. Munthu amene nkhani yotsala ikumukhudza savota nawo pa nkhaniyo, ndipo m'mabungwe ambiri msungichuma amayankha mafunso koma sapereka ganizo lovomereza lipoti lake lomwe.

Maminitsi salemba kuti lipoti la ndalama linavomerezedwa basi. Amalemba manambala: K1,793,300 ku banki, K208,600 pafoni, K30,000 m'kabokosi, pamodzi K2,031,900 pa 30 Juni, ndi K760,000 yokhala ndi eni. Wapampando ndi msungichuma amasaina tsamba lililonse la lipoti, mlembi amasunga kope lake, ndipo sitetimenti, mavocha ndi makope a marisiti a miyezi itatuyo amamangidwa mu fayilo imodzi yolembedwa masiku pachikuto. Pansi pa mzere womaliza wa Juni m'buku la ndalama pamajambulidwa mzere wotseka, ndipo chilichonse chodzapezeka pambuyo pake chimalembedwa mu Julayi.